Esiteti ya ku Kasungu yomwe GPS inaiika kutsidya kwa msewu: lipoti la kupeza malire

Nkhaniyi inafika ku ofesi yanga m'mwezi wa Juni 2023, itayamba kale kununkha mlandu. Banja lina la m'boma la Kasungu linkafuna kugulitsa esiteti ya fodya imene bambo awo, omwe anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, anawasiyira. Anali ndi chikalata cha lizi ya zaka 99 cha m'chaka cha 1991, pamodzi ndi fotokope ya didi pulani, yomwe ndi mapu a malowo ojambulidwa ndi wopima malo, yosonyeza mabikoni anayi, kapena kuti zizindikiro za simenti za pa ngodya za malo, A, B, C ndi D, makodineti a bikoni iliyonse, omwe ndi manambala osonyeza pamene ili, komanso kukula kwa malowo, komwe kunali mahekitala 24.3. Pabanjapo ankangoti maekala 60. Kuyambira pamene bambowo anadwala, esitetiyo sinalimidwenso mokwanira, zigafa zinagwa, ana anabalalikira ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo panalibe amene akanatha kuyenda malire onse n'kuloza ngodya zake mosakayika.

Wogula atapempha kuti aonetsedwe malire, mwana wamkulu wa banjalo anaitana mnyamata wina wodziwa kugwiritsa ntchito GPS ya m'manja. Mnyamatayo analowetsa manambala a pa didi pulani monga momwe analembedwera, n'kutsatira kumene makinawo ankamulozera, ndipo anakhoma zikhomo zinayi. Ziwiri zinagwera kutsidya kwa msewu wafumbi, kumpoto, pakati pa minda ya anthu a m'mudzi woyandikana nawo, ndipo mzere wolumikiza zikhomo ziwirizo unadula ngodya ya manda a mudziwo. Mwana wamkulu uja anaganiza kuti anthu a m'mudzimo analowerera malo a bambo ake pa nthawi imene iwo anali kudwala, pamene anthu a m'mudzimo anaona kuti ana a mwini esiteti abwera ndi makina kudzawalanda minda ya makolo awo. Zikhomo zinazulidwa usiku womwewo, nkhani inapita kwa a gulupu, ndipo iwo anachita mwanzeru polamula kuti pasakhale wokhoma kapena wozula chilichonse mpaka atabwera saveya wa chiphaso.

Zimene mapepala a banja anaonetsa

Ndisanapite kumalowo ndinawerenga mawu ofotokoza malire amene ali m'chikalata cha lizi, mawu amene mnyamata wa GPS sanawaone n'komwe chifukwa anangopatsidwa tsamba la manambala. Mawuwo ankanena kuti malire akuyambira pa bikoni A kummwera kwa msewu, kulowera kummawa motsata msewuwo mpaka pa B, kutsikira kummwera mpaka pa C m'mphepete mwa kamtsinje, kutsata gombe la kamtsinjeko mpaka pa D, kenako kubwerera kumpoto mpaka pa A. Choncho malowo anayenera kukhala pakati pa msewu ndi kamtsinje, osadutsa chilichonse mwa ziwirizi. Zikhomo za mnyamatayo zinaika gawo lalikulu la esiteti kumpoto kwa msewu, pamene malire a kummwera anathera pamtetete, kutali ndi madzi. Msewu ukhoza kukhotetsedwa pang'ono pokonzedwa, kamtsinje kakhoza kudya gombe, koma n'zosatheka kuti ziwirizi zisunthire limodzi mbali imodzi ndi mtunda wofanana. Chimene chinasuntha ndi chithunzi chonse cha malowo, ndipo chithunzi chikasuntha chathunthu, osapindika kapena kuchepa, choyamba kuchikayikira ndi datamu.

Makodineti sali ndi tanthauzo paokha popanda kudziwa maziko amene anawerengedwera, ndipo maziko amenewo ndiwo datamu. Mapu akale a dziko lino ndi ntchito zambiri zopima malo za m'zaka zimenezo zinachitika pa datamu yotchedwa Arc 1950, imene imagwiritsa ntchito chifaniziro cha dziko lapansi cha Clarke 1880, ndipo manambala ake amalembedwa pa giridi ya UTM, njira yogawa dziko lapansi m'zigawo n'kumawerenga malo m'mamita, m'chigawo cha 36 kummwera. GPS ya m'manja ndi foni iliyonse, ngati munthu sanasinthe kanthu, zimawerenga pa datamu ina, yotchedwa WGS 84. Vuto lake n'lakuti mbali zonse ziwiri zimatulutsa manambala ooneka chimodzimodzi, E, wosonyeza mtunda wolowera kummawa, wa manambala asanu ndi limodzi, ndi N, wosonyeza mtunda wolowera kumpoto, wa manambala asanu ndi awiri, moti makina amalandira manambala a Arc 1950 osadandaula, n'kumutengera munthu pamalo ena. M'dera la Kasungu, N wa malo amodzimodzi amatsika ndi pafupifupi mamita 320 tikachoka pa Arc 1950 kupita pa WGS 84, pamene E amakwera ndi mamita osapitirira 30. Munthu wolowetsa manambala akale m'makina osasinthidwa amafika mamita pafupifupi 320 kumpoto kwa malo enieni, ndi pang'ono kumadzulo. Esitetiyi ndi yotalika mamita pafupifupi 465 kuchoka kumsewu kufika kumtsinje, motero kusuntha kwa mamita 320 kunatengera magawo awiri mwa atatu a malowo kutsidya kwa msewu, monga momwe zinaonekera.

Fotokope ya banjalo inalibe mzere wonena za datamu, chifukwa m'munsi mwa tsambalo munadulidwa pojambula. Ngakhale kuti ndinali ndi chikhulupiriro ndithu kuti gwero la vuto ndi limeneli, sindinauze mbali iliyonse kuti nkhani yatha, chifukwa kukayikira datamu kumangosonyeza dera loti tikafufuzemo, sikusonyeza pamene ngodya ili. Ndinauza banjalo kuti ntchito iyambira ku kaundula wa malo, osati kumunda, zimene mwana wamkulu sanakondwere nazo poti wogula anali akudikira.

Ku kaundula

M'Malawi muno malo amalembedwa m'njira ziwiri, ndipo saveya ayenera kudziwa kuti malo amene akuwafuna ali m'njira iti asanayambe kufufuza. Pali kaundula wa umwini, wokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967, momwe puloti iliyonse imakhala ndi nambala yake ndi tsamba lake la zigawo zitatu, chofotokoza malowo, chonena mwini wake, ndi cholemba ngongole ndi zoletsa zimene zili pa malowo. Palinso kaundula wa zikalata, momwe chimene chimalembedwa ndi chikalata chilichonse chokhudza malo, chimodzichimodzi monga chafikira, ndipo wofufuza ayenera kulondola yekha mndandanda wonse kuchokera pa lizi yoyamba kufika lero. Esitetiyi inali m'kaundula wa zikalata, choncho sikunali kokwanira kupeza lizi ya 1991 n'kubwerera. Ndinapempha kuti afufuze chikalata chilichonse cholembedwa m'dzina la malemuwo ndi chilichonse chotchula nambala ya lizi imeneyo.

Apa m'pamene nkhani inakhotera kachiwiri. Panapezeka chikalata cha m'chaka cha 2004 chosonyeza kuti malemuwo, ndi chilolezo cha boma, anadula mahekitala 2.0 pa ngodya ya kumpoto chakummawa, pamene pali bikoni B, n'kuwapereka kwa mpingo wina. Gawo limenelo linapimidwa palokha ndipo linali ndi didi pulani yakeyake, ya mabikoni atsopano atatu, E pa mzere wa A ndi B, G pa mzere wa B ndi C, ndi F pa ngodya ya mkati. Ana a malemuwo ankadziwa kuti pamenepo pali tchalitchi, koma ankaganiza kuti bambo awo anangobwereketsa malowo mwa chifundo. Chotero chimene banjalo likanatha kugulitsa sichinali mahekitala 24.3 amene anali atalonjeza kale wogula, koma 22.3. Kafukufukuyo anaonetsanso kuti lizi inali ikadali m'dzina la malemu ndiponso kuti lendi ya boma inali isanalipidwe kwa zaka zingapo. Zimenezi si ntchito ya saveya kuzikonza, koma ndinazilemba m'kalata yopita kwa banjalo tsiku lomwelo, chifukwa kupeza malire a malo amene sungathe kuwasamutsa n'kuononga ndalama za kasitomala.

Kuchokera kumeneko ndinapita ku ofesi ya Saveya Jenerale kukapempha mafayilo a ntchito ziwiri zija, ya 1990 imene inabala didi pulani yoyamba, ndi ya 2004. Anzathu ambiri amadumpha sitepe imeneyi poganiza kuti didi pulani ndi yokwanira, koma didi pulani ndi chidule chabe. Mu fayilo ndi momwe muli buku la kumunda, mawerengero, ndi lipoti la saveya woyamba lonena kuti anayambira pa chizindikiro chiti cha boma, anayenda bwanji, ndipo pa ngodya iliyonse anakwirira chiyani. Fayilo ya 1990 inatsimikiza kuti ntchitoyo inachitika pa Arc 1950, ndi tiyodolaiti, chipangizo choyezera makona, ndi makina oyezera mtunda, kuchokera pa chipilala cha boma chimene chili pa phiri lina chapafupi. Inanenanso kuti mabikoni onse anayi anali zitsulo za mamilimita 12 zozikidwa mu simenti, ndipo pa D panali kachithunzi ka pamanja kosonyeza mtengo wa mkuyu mamita 7.4 kumadzulo kwake. Ntchito ya 2004 inalumikizidwa ku mabikoni A, B ndi C, amene pa nthawiyo anapezeka ali m'malo mwake, kutanthauza kuti mabikoni onse asanu ndi awiri anali pa maziko amodzi ndipo aliyense akanatha kuchitira mnzake umboni.

Makodineti a ngodya zinayi zoyambirira anali motere, nditachotsa manambala oyambirira kuti malowo asadziwike:

```
     E         N
A  2140.35   7812.60
B  2655.10   7790.25
C  2631.80   7322.40
D  2118.90   7351.75
```

Ndisanawakhulupirire ndinawerengera mtunda ndi mbali yolowera pakati pa bikoni ndi inzake, n'kuyerekeza ndi zimene zinalembedwa m'mbali mwa didi pulani. Kuchoka pa A kufika pa B kunatuluka mamita 515.24 pa madigiri 92 ndi mphindi 29, ndendende ndi zolembedwa, ndipo mbali zinazo zinagwirizananso. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ndi imene imagwira nambala yokopedwa molakwika, monga 3 wowerengedwa ngati 8 pa fotokope yofufutika, munthu asanapite kukakumba pamalo olakwika.

Kusandutsa manambala, ndi malire a kusandutsako

Kuti ndidziwe koyambira kufufuza, ndinasandutsa makodinetiwo kupita pa WGS 84 pa kompyuta, pogwiritsa ntchito manambala atatu odziwika a dziko la Malawi osonyeza kusiyana kwa datamu ziwirizi m'mamita, omwe ndi -161, -73 ndi -317:

```
cs2cs +proj=utm +zone=36 +south +a=6378249.145 +rf=293.4663077 \
  +towgs84=-161,-73,-317 +to +proj=utm +zone=36 +south +datum=WGS84
```

Pano ndi pamene ndimaona anzathu ena akutsetsereka atadutsa kale msampha woyamba. Akasankha Arc 1950 m'makina, kapena nambala yake yoizindikirira pa kompyuta, EPSG:20936, amaganiza kuti tsopano makina awaimika pa bikoni penipeni. Choyamba, makina ambiri a m'manja amakhala ndi manambala apakati a chigawo chonse cha kummwera kwa Africa, osati a Malawi. Chachiwiri, ngakhale manambala a Malawiwo anafalitsidwa ndi chenjezo lakuti akhoza kuphonya ndi mamita 9, 24 ndi 8 pa mbali zake zitatu. Ndi okwanira kumufikitsa munthu m'munda woyenera, koma pa malire mamita asanu okha ndi mizere ingapo ya fodya kutalika kwa munda wonse, ndipo anthu amatengerana kukhoti pa zochepa kuposa pamenepo. Choncho ndinatenga zotsatirazo ngati malo oyambira kusakasaka, ndipo cholinga chinali kupeza mabikoni enieni kuti iwo ndiwo atiuze kusiyana kwenikweni kwa datamu ziwirizi pa malo amenewo.

Kumunda

Tinapita kumayambiriro kwa Seputembala, udzu utapsa ndipo minda ili yosalimidwa, titatumiza kalata yodziwitsa a gulupu, atsogoleri a mpingo ndi eni minda yoyandikana nayo. Ndinakana kuyamba ntchito mbali zonse zisanafike, chifukwa pamalo pamene zikhomo zinazulidwapo kale usiku, bikoni yofukulidwa popanda mboni imaoneka ngati yabwera m'galimoto ya saveya. Tinaimika risiva imodzi ya GNSS, makina a masetilaiti oyeza molondola kuposa GPS ya m'manja, pamalo okhazikika pakati pa esiteti, inayo n'kuyenda nayo, kuti miyezo ya pakati pa bikoni ndi inzake ikhale ya masentimita ochepa.

Tinayamba ndi B, poganiza kuti ngodya ya tchalitchi ndi imene sinalimidwe kwambiri. Pamalo amene manambala osandutsidwa anatiimika panalibe kanthu. Mkulu wina wa mpingo, amene analipo pa kupima kwa 2004, anati: “Bambo, mwapitirira pang'ono. Kamwala kanu kali kuseri kwa nkhadzeyo, ife timakapewa tikamalambula.” Tinachotsa zinyalala ndi khasu ndipo simenti inaoneka, yafulati ndi nthaka, yakuda ndi moto wa zaka zambiri, chitsulo chili pakati chadzimbiri koma choongoka. Inali mamita 5.4 kuchokera pamene kompyuta inanena. Titaiyeza, kusiyana kwa manambala athu ndi a mu fayilo kunali kuwonjezera mamita 23.62 pa E ndi kuchotsa mamita 319.85 pa N. Manambala awiriwa ndi a ntchito iyi yokha, chifukwa akudalira pamene tinaimika risiva yathu, ndipo asatengedwe kukagwiritsidwa ntchito pa esiteti ina ngakhale ya m'dera lomwelo.

Bikoni imodzi siingadzichitire yokha umboni, chifukwa ikhoza kukhala kuti inasunthidwa. Tinagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku kulosera pamene E ndi G ziyenera kukhala, ndipo zonse ziwiri zinapezeka mosavuta, iliyonse mkati mwa masentimita 5 kuchokera pamalo oloseredwa. Komabe mabikoni atatuwa ali pa ngodya imodzi, motalikirana mamita osapitirira 200, ndipo kuwerengera esiteti yonse kuchokera pa kagulu kothithikana chonchi n'koopsa, chifukwa kupotoka kwakung'ono kumene sikuoneka pa mamita 150 kumakula tikafika mamita 700. Tinafunika bikoni ya kutali, ndipo imeneyo inali D, ku ngodya ya kummwera chakumadzulo.

Pa D panali dimba la mpiru, ndipo pamwamba panalibe chizindikiro chilichonse. Mkuyu wa mu fayilo unali utadulidwa, koma chitsa chake chinalipo, ndipo tepi yochokera pa chitsacho inagwera mkati mwa phazi limodzi kuchokera pamene risiva inaloza. Mayi mwini dimbalo anatilola kukumba titalonjeza kulipira mbewu zoonongeka. Tinadutsa dothi lakuda la m'dambo, kenako mchenga wosanjikizana umene madzi osefukira anasiya, ndipo pa masentimita 40 khasu linagunda simenti. Tinasiya khasu n'kufukula ndi manja kuti tisaigwedeze. Inali yoongoka, yogwirana ndi dothi lofiira la pansi, ndipo mizu ya udzu wakale inali itaizungulira. Mtunda wa pa giridi kuchoka pa B kufika pa D, malinga ndi fayilo, ndi mamita 692.67, ndipo ife tinapeza 692.61. Kusiyana kwa masentimita 6 pa mtunda woterewu, pakati pa tiyodolaiti ya 1990 ndi makina a lero, n'kovomerezeka, ndipo kuyambira pamenepo tinali ndi maziko olimba, mabikoni anayi ogwirizana, awiri a iwo ali ku ngodya zoyang'anizana.

Ndionjezere pano mfundo ina imene inadzutsa funso kumundako. Mphunzitsi wina wa m'mudzimo anafuna kudziwa ngati angathe kutsimikiza miyezo yathu ndi tepi, ndipo ndinamuyankha kuti angathe, koma adzapeza mtunda wotalikirapo pang'ono. Pafupi ndi mzere wapakati wa chigawo cha 36, umene uli pa madigiri 33 kummawa, giridi ya UTM imafupikitsa mtunda ndi masentimita pafupifupi 40 pa kilomita, ndipo kukwera kwa dera la Kasungu, kopitirira mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, kumachotsanso ena pafupifupi 17. Mzere wa A ndi B, umene pa pepala ndi mamita 515.24, pansi ndi pafupifupi 515.52. Amene akhazikitsa ngodya ndi tepi kapena totosteshoni, makina oyezera makona ndi mtunda, osakumbukira zimenezi amadya masentimita 28 a mwini malo pa mzere umodzi wokha.

Bikoni imene tinaikana

Chigamulo chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi chinali pa A. M'mphepete mwa msewu munali bikoni yooneka bwino, yotuluka pamwamba pa nthaka, ndipo onse, banja ndi anthu a m'mudzi, ankavomereza kuti imeneyo ndiyo ngodya. Koma titaiyeza inali mamita 11 kummawa kwa pamene mabikoni anayi aja ankanena, moti mtunda wake kufika pa B unali mamita 504 m'malo mwa 515. Mwambo wa ntchito yathu ndi wakuti bikoni yopezeka pansi imaposa nambala ya pa pepala, ndipo ndimaulemekeza mwambo umenewu, koma umagwira ntchito pa bikoni imene ili pamene saveya woyamba anaiika, osati pa simenti iliyonse yokhala ndi chitsulo. Tinafukula m'mbali mwake. Inali yopendekeka, inkagwedezeka ndi dzanja, pansi pake panali dothi lofewa losakanizika ndi timiyala ta msewu, ndipo mbali imodzi inali ndi chipsera chachikulu cha chitsulo cholemera. Simenti yothiridwa m'dzenje imatenga maonekedwe a dzenjelo ndipo imagwirana ndi makoma ake, pamene iyi inali itangokhazikidwa m'dzenje lalikulu kuposa iyo.

Agogo ena aamuna anakumbukira kuti pamene msewu unkakulitsidwa, giredala inazula kamwalako, ndipo anyamata a m'mudzimo anakadzalanso pambali poopa kuti angaimbidwe mlandu wochotsa chizindikiro cha boma. Panalibe chinyengo, ndipo ndinaonetsetsa kuti mawu amenewa alembedwe mu lipoti momwemo, kuti wina asadzawerenge kuti anansi anasuntha malire dala. Umboni wina unachokera ku mzere wa khonje wakale amene malemuwo anadzala kuchoka pa D kulowera kumpoto. Zitsa zake, titaziyeza m'malo angapo, zinatsata mzere wa D ndi A wa mu fayilo mkati mwa theka la mita, ndipo mzerewo ukapitirizidwa unkafika pa malo owerengedwa, osati pa bikoni yodzalidwanso ija. Ndi zifukwa zitatuzi, miyezo, maonekedwe a simenti ndi khonje, ndinaikana bikoniyo n'kukhazikitsa A watsopano kuchokera pa B, D, E ndi G. Malo akewo anagwera mita imodzi ndi theka kuchokera m'ngalande ya msewu, kummwera kwake, monga chikalata chinanenera.

F inapezeka itathyoka mutu koma tsinde lili m'malo, ndipo tinangoikonza. C ndiye inapita ndi madzi. Malo ake owerengedwa anagwera m'kati mwa khwawa, chifukwa pa ngodya imeneyo kamtsinje kadya gombe la kumpoto ndi mamita pafupifupi 9. Sikukanakhala kwanzeru kuthira simenti mumchenga woti udzakokoloka ndi mvula yoyamba, motero tinaika bikoni yolozera pa mzere wa G ndi C, mamita 15 kumpoto kwa ngodya yeniyeni, pa nthaka yolimba, n'kulemba mtunda umenewo pa pulani. Gombe lonse kuchoka pa C kufika pa D tinaliyeza monga lilili lero n'kulijambula pamodzi ndi gombe la 1990. Sindinagamule kuti malire a kummwera ndi gombe liti mwa awiriwa, chifukwa yankho limadalira ngati madzi anadya pang'onopang'ono kapena anasintha njira mwadzidzidzi, ndipo limenelo ndi funso la malamulo, osati la miyezo. Dera lokhudzidwa linali laling'ono, losafika gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, ndipo tsidya linalo panalibe amene ankalifuna.

Zotsatira

Tisanachoke tinayenda malire onse ndi a gulupu, banja, a mpingo ndi anansi, kuima pa bikoni iliyonse. Pofuna kuti anthu amvetse chimene chinachitika mu Juni, ndinatenga GPS ya m'manja ya mnyamata uja, amene anabwera nawo, n'kuima pa B penipeni. Ili pa WGS 84 inaonetsa N wochepa ndi mamita 320 poyerekeza ndi wa pa didi pulani, ndipo nditasintha datamu kupita pa Arc 1950, ndisanasunthe phazi, nambala inalumpha n'kuyandikira ya pa pepala. Anthu angapo anabwera kudzaona ndi maso awo. A gulupu anafunsa kuti: “Ndiye kuti manda athu sanalowemo?” Ndinawayankha kuti mandawo ali mamita oposa 250 kunja kwa esiteti, ndipo palibe munda ngakhale umodzi wa kumpoto kwa msewu umene uli m'kati mwa lizi. Mwana wamkulu wa banjalo anapepesa pamaso pa anthu, ndipo pambuyo pake anapereka mbuzi kwa eni manda monga a gulupu anagamulira.

Kulowerera kwenikweni kunapezeka kumene palibe amene ankakuganizira, kumadzulo, komwe mnansi wina anali atadutsa mzere wa khonje ndi mahekitala pafupifupi 0.4, ndipo anali atapanga kale nazale ya fodya. Mbali ziwirizo zinagwirizana pamaso pa a gulupu kuti alime nyengo imodzi imeneyo n'kuchoka akakolola, ndipo mgwirizanowo unalembedwa n'kusayinidwa.

Lipoti langa, mawerengero, zithunzi za bikoni iliyonse isanafukulidwe ndi itafukulidwa, ndi pulani yosonyeza mabikoni opezeka, okanidwa ndi okhazikitsidwanso, zinapita ku ofesi ya Saveya Jenerale kuti zikaunikidwe. Pa pulaniyo ndinalemba makodineti a datamu zonse ziwiri m'mizati yosiyana, uliwonse uli ndi dzina la datamu yake pamwamba pa manambala penipeni osati m'munsi mwa tsamba, kuti wojambula fotokope asadzathenso kulidula. Ntchitoyo inavomerezedwa kumayambiriro kwa 2024. Wogula sanabwerere m'mbuyo, koma mtengo unawerengedwanso pa mahekitala 22.3, ndipo anapempha kuti ndalama yomaliza iperekedwe mnansi wa kumadzulo akachoka. Banjalo linatenga miyezi ina yambiri likulongosola zikalata zoyendetsera chuma cha masiye, kulipira lendi yotsalira ndi kupempha chilolezo cha boma chosamutsira lizi, ndipo chikalata chosamutsira malowo kwa wogula chinalembedwa m'kaundula kumapeto kwa chaka chomwecho.